Mtengo umodzi pa soya wathu: njira iti ingagwire mamembala onse?

A wapampando, a mfumu, amayi ndi abambo a kalabu, zikomo pondipatsa mpata. Soya wayamba kuyoyola masamba m'minda, ndipo mavenda apachika kale masikelo pamitengo ya m'mbali mwa msewu. Nkhani imene mwandiitanira ndi yoti chaka chino mugulitse pamtengo umodzi, pasapezeke wina wotsitsa mtengo kuseri anzake akudikira. Ndakhala mlembi wa kalabu ngati yanuyi kwa zaka zingapo. Njira zimene ndikufuna tiziyerekeze zina ndinaziyesa ndi anzanga, zina ndinaziona m'magulu oyandikana nafe.

Ndiyambe ndi chimene chinatichitikira ife chaka choyamba. Tinakhala pansi pa mtengo monga takhaliramu, tinagwirizana mtengo, tinaomba m'manja, aliyense n'kupita kwawo ndi matumba ake. Pasanathe masabata atatu, anthu asanu anali atagulitsa. Titaitana msonkhano, mayi wina wamasiye anaimirira nati, "Inu a mlembi, mwana wanga anamubweza kusukulu Lolemba chifukwa cha fizi. Ndikanamuuza kuti adikire pangano lanu?" Ndinasowa choyankha. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuganiza kuti wogulitsa mozemba amachita dyera. Adyera alipo, koma ambiri amakhala kuti apanikizika. Mwezi wa Epulo ndi Meyi ndi nthawi imene fizi ya teremu yachitatu, ngongole ya feteleza, aganyu okolola ndi malungo a mwana zimafika pakhomo limodzi. Venda amadziwa zimenezi kuposa ife, n'chifukwa chake amayenda ndi ndalama m'thumba. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ndipo munthu wopanikizika amaona K1,000 ya lero ngati fodya wa pamphuno, K1,300 ya mwezi wamawa ngati wapachala.

Choncho njira iliyonse tiziifunsa funso limodzi: munthu amene akufuna ndalama mawa m'mawa imuthandiza bwanji?

Tisanafike ku njirazo, tikambe za mtengo womwewo, chifukwa magulu ambiri amagwa pa kuutchula. Wina amangoimirira n'kunena kuti "osachepera 1,500", anthu n'kusangalala chifukwa nambalayo yakoma m'khutu. Mtengo wotere sukhala. Mtengo wa gulu uzichokera mbali zitatu. Mbali yoyamba ndi zimene mwalowetsa m'munda. Manambala amene nditchule pano ndi ongoyerekeza kuti tione masamu ake, inu muikepo anu enieni. Tinene kuti pa ekala imodzi mwalowetsa K360,000, kuwerengera mbewu, mankhwala opaka mbewu, kulima, kupalira, kukolola, kumenya, matumba, ngakhale thukuta lanu ndi la ana anu. Ngati mwakolola matumba 9 a makilogalamu 50, ndiye kuti kilogalamu imodzi yakudyerani K800. Mnzanu amene walowetsa ndalama zomwezo koma wakolola matumba 6, kilogalamu yamudyera K1,200. Apa pali msampha. Mukaika mtengo wa gulu potengera amene wakolola pang'ono, mtengowo ukwera kupitirira msika, ndipo amene wakolola bwino adzaona kuti ngakhale pa K1,000 akupeza phindu, n'kugulitsa. Tengani zokolola za munthu wapakati, ndipo munene poyera kuti gulu silingabweze zimene mvula kapena kuchedwa kubzala kwalanda munthu.

Mbali yachiwiri ndi mtengo wotsikitsitsa umene Unduna wa Zamalimidwe umalengeza chaka chilichonse nyengo yokolola ikamayamba. Umenewu ndi chida chabwino pokambirana ndi wogula, chifukwa mumamuuza kuti kugula pansi pa apa n'kulakwira boma. Koma tonse taonapo mavenda akugula pansi pa mtengo wa boma masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo taonaponso zaka zimene msika unakwera kuupitirira kutali. Muutenge ngati poyambira. Mbali yachitatu ndiyo yofunika kwambiri: mtengo umene wogula wamkulu akupereka pageti pake sabata ino, kuchotsapo ndalama zofikitsira katundu kumeneko. Tumani anthu awiri, osati mmodzi, aimbe foni ku makampani oyenga mafuta ndi opanga zakudya za nkhuku ku Lilongwe, afunse mitengo ku Mitundu, ku Mponela kapena ku Kamwendo malinga ndi komwe mwayandikira, amverenso mitengo pawailesi.

Mukatero mutuluke ndi manambala awiri. Yoyamba ndi mtengo umene mukufuna, umene komiti idzayambire pokambirana. Yachiwiri ndi mtengo umene simudzatsika pansi pake. Yachiwiriyi isamalengezedwe pamsika kapena pamowa. Venda akangoidziwa, amatchula yomweyo ndipo sakwezanso. Ndipo mtengowo ukhale ndi tsiku lothera, monga masabata awiri, kenako gulu likumane n'kuuonanso. Anzathu a nandolo kumwera, ku Mulanje, Zomba ndi Balaka, sadzaiwala chaka cha 2017, pamene dziko la India linachepetsa nandolo wolowa m'dziko lawo, mtengo n'kugwa pansi kuno kwathu. Gulu limene linalumbira kuti silitsika linangokhala ndi matumba ofumbwa. Kalabu ya anthu 20 singakweze mtengo wa dziko lonse. Chimene ingathe n'kulanda ndalama zimene zimatsalira pakati pa khomo lanu ndi geti la kampani.

Tsopano njira yoyamba, imene ndafotokoza kale: kugwirizana pakamwa, aliyense n'kusunga soya kunyumba kwake. Ubwino wake ndi woti siidya ndalama, siifuna nyumba yosungiramo, ndipo palibe amene amaopa kuti komiti imubera. Koma venda sabwera pamsonkhano. Amabwera pakhomo madzulo, amakhala pakhonde, n'kunena kuti, "Anzanu aja agulitsa kale dzulo, mwatsala ndinu nokha." Nthawi zambiri limakhala bodza, koma mulibe poonera, chifukwa matumba a anzanu ali kuchipinda. Mantha oti mutsala nokha ndi amene amaphwasula pangano, ngakhale kwa munthu amene sanapanikizike. Njira imeneyi ndaiona ikugwira pa abale atatu kapena anayi oyandikana makomo. Pa gulu lalikulu ngati lanuli sindingakulangizeni.

Njira yachiwiri ndi yomweyo koma yoikapo chindapusa. Magulu ambiri amathamangira apa akapsa mtima. Ndiikambe mofatsa chifukwa ndikudziwa kuti ena mwa inu mwabwera ndi maganizo amenewa. Chindapusa chikakhala chochepa, monga K5,000, munthu wa matumba 10 amangochiwerengera ngati msonkho wa pamsika. Chikakhala chachikulu, chimagwera mayi uja wa fizi, amene alibe n'komwe cholipira, ndipo amangosiya kubwera ku misonkhano. Chaka chotsatira gulu latsala ndi anthu 12 opeza bwino, katundu sakudzaza lole, ndipo venda wapeza anthu 8 oti aziwagula mtengo umene akufuna. Palinso vuto la umboni. Wagulitsa usiku, thumba lanyamulidwa pakabaza, ndani adzaimirire kuchitira umboni mlamu wake pamaso pa a mfumu? Ndipo tsiku limene wogulitsa mozembayo adzakhale wapampando kapena mphwake wa a mfumu, mudzakumbukira kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka. Chindapusa chikakhululukidwa kamodzi kwa munthu wamkulu, chatha ntchito kwa onse.

Sindikuti chilango chisakhalepo. Ndikuti chilango chimene chimagwira ndi chochotsera munthu zabwino za gulu: chaka chamawa asalandire nawo mbewu yapangongole, asakhale nawo pa bonasi, dzina lake libwerere kumapeto pa mndandanda wa ngongole. Chotere sichifuna kukalanda mbuzi pakhomo pa munthu. Koma chimagwira pokhapokha gulu lili ndi zabwino zoti munthu aziope kutaya.

Njira yachitatu ndi imene ndimalangiza gulu limene likungoyamba kumene: tsiku limodzi, malo amodzi, sikelo imodzi. Soya amakhalabe kunyumba, koma gulu limalengeza kuti Lachinayi lililonse tikugulitsira pabwalo la sukulu kapena la tchalitchi, ndipo komiti imaitana ogula atatu kapena anayi kuti apikisane. Aliyense amalandira ndalama yake m'manja tsiku lomwelo. Munthu wopanikizika sadikira mwezi, amadikira Lachinayi basi, ndipo masiku ochepa chotere munthu amatha kupirira kapena kubwereka kwa mnansi.

Mphamvu ya njirayi ili pa sikelo. Gulu ligule sikelo yakeyake, yoyesedwa ndi kudindidwa ndi a Malawi Bureau of Standards, ndipo wogula aliyense avomere kugula ndi sikelo imeneyo. Taonani masamu ake. Venda wina akukuuzani K1,050 pa kilogalamu, pamene gulu lagwirizana K1,000 ndi wogula wina. Mukuona ngati venda wakuposani. Koma sikelo yake thumba la makilogalamu 50 ikuliwerenga 47. Akupatsani K49,350, pamene pa sikelo ya gulu mukanalandira K50,000. Anthu ambiri amene amazemba gulu chifukwa cha "mtengo wabwino" amakhala kuti aberedwa pa sikelo osadziwa. Ndikupemphani kuti pamsonkhano wotsatira mubweretse thumba limodzi, muliyeze pa sikelo ya gulu, kenako anyamata awiri akaliyezetse pa masikelo atatu a pamsewu, abwere adzanene manambala pamaso pa onse. Zimenezo zimaphunzitsa kuposa mawu anga.

Kufooka kwa njira yachitatu n'koti ogula amene mwaitana akhoza kupangana panjira kuti onse atchule mtengo umodzi wotsika. Mudzadziwa zimenezi mukaona kuti afika pa galimoto imodzi, kapena kuti onse akutchula nambala yofanana ndendende osakwezako ngakhale K10. Ikatero, gulu likhale lokonzeka kubweza matumba kunyumba tsiku limenelo, ndipo sabata yotsatira muitane wogula wochokera dera lina. Kubweza matumba kumawawa, makamaka kwa amene analipira ngolo, choncho mugwirizaniretu kuti ndalama ya ngoloyo idzachokera m'thumba la gulu. Chinanso, phindu la njirayi lili ndi malire, chifukwa mukugulitsabe kwa anthu apakati, kungoti mwawapanikiza pang'ono.

Ndifike pa njira yachinayi, imene ndikhalitsepo chifukwa ndi imene ili ndi ndalama zenizeni komanso ngozi zenizeni. Apa matumba onse amalowa m'nyumba imodzi ya gulu. Thumba lililonse limayezedwa, limalembedwa m'buku, mwini wake n'kulandira lisiti. Pachitseko pamakhala maloko awiri kapena atatu, makiyi ake ali ndi anthu osiyana, osakhala a banja limodzi. Katundu akakwana, komiti imagulitsa wonse pamodzi kwa wogula wamkulu. Apa nkhani yotsitsirana mtengo imatha yokha, chifukwa munthu sangagulitse usiku thumba limene lili kuseri kwa maloko atatu, ndipo bodza la venda loti "anzanu agulitsa kale" silingagwire, popeza aliyense akhoza kupita kukawerenga matumba ndi maso ake.

Tiyeni tiyerekeze ndi gulu lanu. Anthu 20, aliyense matumba 10, ndiye matumba 200, omwe ndi matani 10. Venda pakhomo akugula K1,000. Kampani ku Lilongwe ikugula K1,300 mukafikitsa pageti. Lole ikufuna K400,000, ndiye K40 pa kilogalamu. Matumba atsopano, okweza ndi otsitsa, tiike K20. Maulendo a komiti, mayunitsi a foni ndi mlonda, K15. Gulu lisungeko K25 yoyambira chaka chamawa. Zonse pamodzi ndi K100, ndipo mlimi akutsala ndi K1,200. Kusiyana ndi venda ndi K200 pa kilogalamu, K10,000 pa thumba, K100,000 kwa munthu wa matumba 10. Masamu amenewa alembedwe pabolodi gulu lisanavomere chilichonse. Zikapezeka kuti kusiyana kwatsika kufika K30 pa kilogalamu, musavutike ndi lole, gulitsani ndi njira yachitatu ija.

Onaninso chimene chimachitika anthu akazemba. Tinene kuti anthu 6 sanabweretse matumba awo. Mwatsala ndi matumba 140, matani 7. Mwini lole sachepetsa mtengo chifukwa loleyo sinadzaze, ndiye K400,000 ija ikugawidwa pa makilogalamu 7,000, kutanthauza pafupifupi K57 pa kilogalamu m'malo mwa K40. Amene asunga pangano ndiwo akulipirira amene azemba. Ndipo ngati munalonjeza kampani matani 10, mwina idzalandira 7 amenewo koma chaka chamawa foni yanu siidzayankhidwa msanga. Mamembala azimva nkhaniyi m'manambala chonchi, chifukwa ambiri amaganiza kuti matumba awo awiri kapena atatu sangasinthe kanthu.

Nanga mayi uja wa fizi? Njira yachinayi ikangokhala yotsekera matumba popanda kumuganizira, ndi yoipa kuposa zonse, chifukwa mwamulanda ngakhale mwayi wothawira kwa venda. Pali zinthu ziwiri zimene zimaipulumutsa. Choyamba, musafune zokolola zonse. Gwirizanani kuti pa matumba 10 alionse, 7 alowe m'nkhokwe ya gulu, 3 munthu achite nawo zimene akufuna, popanda kufunsidwa. Magulu amene amati "chilichonse kugulu" amaphunzitsa mamembala kunama za zokolola zawo, ndipo komiti imalonjeza wogula katundu amene kulibe. Bola matumba 140 otsimikizika, n'kubwereka lole yolingana nawo, kusiyana ndi 200 a pakamwa.

Chachiwiri ndi malipiro oyamba. Munthu akabweretsa thumba, amene akufuna alandireko gawo la ndalama pompo, monga K600 pa kilogalamu, yomwe ndi K30,000 pa thumba, yotsalayo adzalandire katundu akagulitsidwa. Mufunsa kuti ndalamayo ichokera kuti. Kulipira onse matani 10 kungafune K6,000,000, ndipo gulu lanu lilibe. Koma si onse amene apanikizika. Mukafunsa mwaulemu, mudzapeza kuti ndi anthu 5 kapena 6 amene akufuna pafupifupi K100,000 aliyense. K600,000 ndi ndalama imene banki mkhonde yanu ingathe, ngati mwakonzekera. Vuto n'loti magulu ambiri a banki mkhonde amagawana ndalama mu Disembala, ndiye pofika Epulo m'bokosi muli zochepa. Mungathe kusuntha nthawi yogawana, kapena kupatula thumba lapadera la nthawi yokolola limene siligawidwa.

Musamale ndi chiwongoladzanja. K30,000 ija ikakhala pa K10 pa K100 iliyonse pamwezi, ndipo katundu wagulitsidwa pakatha mwezi umodzi, munthu walipira K3,000 n'kutsala ndi K7,000 pa K10,000 ija ya phindu la thumba. Zili bwino. Koma ikakhala pa K20 pa K100, komiti n'kuchedwa miyezi itatu, chiwongoladzanja chafika K18,000 ndipo munthuyo waluza kuposa akanagulitsa kwa venda. Adzatuluka m'gulu, ndipo adzakhala akulondola. Choncho ngongole ya zokolola ikhale ndi chiwongoladzanja chotsika kuposa ngongole wamba, popeza chikole chake chili kale m'nkhokwe ya gulu, ndipo komiti ipatsidwe tsiku lomaliza logulitsira. Ndiponso malipiro oyamba asayandikire mtengo wa pamsika. Mukapereka K950 msika n'kutsika kufika K850, gulu lidzakhala ndi ngongole yoti litolere kwa mamembala ake omwe, ndipo ndalama yolowa m'thumba la munthu sibwerera mosavuta.

Pali nkhani ina imene imaswa nkhokwe ya gulu mwakachetechete: mtengo umodzi pa katundu wosiyana. Mayi wina wapeta, wasankha, waumitsa bwino. Bambo wina wabweretsa wa miyala, makoko ndi mchenga, wina wawaza madzi kuti alemere. Mukawalipira mofanana, chaka chamawa mayi uja sadzapetanso, kapena adzagulitsa yekha. Choopsa kwambiri n'choti wogula akabaya thumba limodzi n'kupeza mchenga, amatsitsa mtengo wa lole yonse. Choncho pakhomo la nkhokwe pakhale anthu awiri okhuthula thumba lililonse pa lona. Soya wouma bwino amathetheka ukamuluma, wachinyontho amangophwanyika mofewa. Ogula akuluakulu amayeza ndi makina ndipo amafuna chinyontho cha pafupifupi 12 kapena 13 pa 100, ndiye ngati alangizi ali ndi kachipangizo koyezera, kabwerekeni. Thumba losakwanira libwezedwe kuti likaumitsidwe kapena kupetedwanso, ngakhale likhale la a wapampando. Pathumba lililonse palembedwe nambala ya mwini wake, kuti likakanidwa ku kampani tidziwe kuti ndi la ndani. Matumba asanjikidwe pamitengo, asagunde pansi kapena khoma, ndipo denga likhale losadontha. Mukadzachita zomwezi ndi mtedza, chinyontho chikhale chotsika kwambiri kuposa apa chifukwa cha chuku.

Ngozi yaikulu ya njirayi ndi komiti. Ndinaona gulu lina kumene anthu awiri anapita ndi lole, n'kubwera ndi nkhani yoti kampani yadula makilogalamu 400 chifukwa cha zinyalala, koma pepala lililonse analibe. Mwina zinali zoona, mwina ayi, koma gululo silinasonkhanenso. Dzitetezeni motere: operekeza lole asankhidwe ndi gulu tsiku lomwelo, mmodzi akhale mayi, mmodzi akhale wosakhala m'komiti. Abwere ndi pepala la sikelo ya kampani ndi pepala la malipiro. Ndalama ilowe mu akaunti ya gulu yosainira anthu atatu, isalowe pa foni ya munthu mmodzi. Pogawa, mlembi awerenge mokweza dzina, makilogalamu, zochotsera ndi zotsala, ndipo amene akufuna alandire pa Mpamba kapena Airtel Money kuti pakhale umboni. Ndipo katundu asachoke ndi wogula amene akuti "ndidzalipira Lachisanu" popanda pangano lolembedwa. Anthu ambiri alira ndi mawu amenewo.

Njira yachisanu ndiidutsa mwachangu chifukwa si ya chaka chino kwa inu, koma muidziwe. Pali nkhokwe zovomerezeka, monga zimene zimagwira ntchito ndi bungwe la ACE loona za msika wa zokolola, kumene mumasiya katundu, iwo n'kumuyeza, kumuika m'magiredi, n'kukupatsani lisiti. Lisitilo mungathe kulipereka ngati chikole kuti mupeze ngongole podikira mtengo, ndipo katunduyo angagulidwe ndi wogula wa kutali amene sanafikepo kumudzi kwanu. Kumeneko mantha a mbava, makoswe ndi komiti amachepa. Koma mumalipira kusunga, kuyeza, mayendedwe okafika kunkhokweko ndi chiwongoladzanja, ndipo mtengo ukapanda kukwera mokwanira kuposa zonsezi mumatuluka ndi zochepa. Imayenera gulu la katundu wambiri, lolembetsedwa ngati kopaletivi kapena lili pansi pa bungwe ngati NASFAM. Chimodzimodzi pangano ndi kampani musanabzale: limakupatsani msika wotsimikizika, koma mtengo wa pamsika ukadzakwera kuposa wa m'panganolo, chiyeso chogulitsa kumbali chimakula kuposa kale. Mukadzasaina lotere, limbikirani kuti mulembedwe mtengo wotsikitsitsa, ndi kuti msika ukakwera mtengo wanunso udzakwere.

Mukandifunsa ine kuti chaka chino muchite chiyani, ndinganene motere. Pangano la pakamwa lokha lisiyeni. Chindapusa cha ndalama musayambire pamenepo. Matumba atatu aja omasuka muwagulitse ndi njira yachitatu, Lachinayi pabwalo, pa sikelo ya gulu, kuti ngakhale wothamangira ndalama asaberedwe. Matumba asanu ndi awiri otsalawo alowe m'nkhokwe ya gulu, ngati muli ndi nyumba yodalirika ndi ndalama yoti muthandizire anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi opanikizika. Ngati ndalamayo palibe, musatseke matumba a anthu. Chitani njira yachitatu yokha, muzidula K25 pa kilogalamu iliyonse yogulitsidwa pabwalo, ndipo pa matani 10 mudzakhala ndi K250,000 yoyambira nkhokwe chaka chamawa.

Pali lamulo limodzi limene ndikufuna mulembe lero m'buku, chifukwa ndi limene linabweza mayi uja m'gulu lathu. Membala amene wagwa m'vuto, matenda, maliro kapena fizi, ayambe wafika kwa msungichuma asanapite kwa venda, ndipo gulu limuyankhe pasanathe masiku awiri. Likalephera kumuthandiza m'masiku awiriwo, ali ndi ufulu wotenga matumba ake okwanira vutolo n'kugulitsa kumene akufuna, popanda chilango kapena kunenedwa. Ena adzati lamuloli litsegula chitseko choti aliyense azinamizira matenda. M'mudzi timadziwana, ndipo amene mwana wake wagonekedwa kuchipatala sabisika. Chimene ndinaona ine n'choti anthu atadziwa kuti matumba awo angathe kutuluka pakagwa zovuta, anabweretsa ambiri kuposa chaka chimene tinawaopseza ndi chindapusa.

Palinso amene agulitsa kale soya ali m'munda, amene analandira ndalama ya venda mu Febuluwale nthawi ya njala n'kulonjeza matumba. Ndikudziwa kuti pano alipo, ndipo sindikufunsa kuti aimike manja. Apite kwa mlembi mwamseri akanene kuti ndi matumba angati amene ali ndi mwini kale, kuti komiti isawawerengere polonjeza wogula. A mlembi, tsegulani tsamba latsopano, mulembe dzina lililonse, matumba amene munthu akuyembekeza kukolola, amene ali ndi ngongole, ndi amene akulonjeza kugulu. Aliyense asaine kapena adinde chala, a mfumu achitire umboni, ndipo nambala yotsiriza pansi pa tsambalo ndi imene anthu awiri aja adzatchule poimba foni ku Lilongwe Lolemba.